Madola 20 ndi mabedi a ku Kasungu: lipoti la busti yomwe tinapanga mu Juni 2024

Ine ntchito yanga ndi yothandiza mabizinesi ang'onoang'ono kuno ku Kasungu pa nkhani ya mapeji awo a Facebook, kujambula katundu, kulemba mapositi, nthawi zina kubusta kumene, kutanthauza kulipira Facebook kuti positi ionedwe ndi anthu ambiri. Nkhani iyi ndi ya bambo ena akalipentala omwe ali ndi shopu yawo pa boma, amakhoma mabedi, makabati ndi matebulo, ndipo ndikuilemba chifukwa anabwera kwa ine ndalama itadyedwa kale kamodzi, ndiye tili ndi mabusti awiri a katundu yemweyo, ndalama pafupifupi zofanana, koma zotsatira zake kumwamba ndi pansi.

Zomwe ndinapeza atabwera

Bambowa anali ndi peji ya malaiki pafupifupi 300, ambiri mwa iwo achibale ndi akutchalitchi. Mphwawo wina yemwe amaphunzira ku Lilongwe ndi amene anawatsegulira, ndipo ndi yemweyo anawauza mu Meyi kuti amalume tiyeni tibuste, pano alimi ayamba kulandira za fodya ku Chinkhoma ndalama ili m'matumba. Ganizo limenelo linali labwino ndithu, aliyense wa kuno amadziwa kuti msika wa fodya ukatsegulidwa malata, njinga ndi mabedi zimayenda. Zinalakwika ndi momwe anadinira mabataniwo.

Nditatsegula kuti ndione, ndinapeza zinthu zitatu. Pa cholinga anasankha Get more engagement. Pa anthu oti aone anangosiya Malawi yense, zaka 18 mpaka 65+. Pa ndalama anaika madola 3, masiku 5, iye akuganiza kuti madola 3 amenewo ndi a masiku onsewo, pomwe malo aja amalembedwa Daily budget, kutanthauza pa tsiku. Ndiye khadi la mnzake lomwe anabwereka linadulidwa madola pafupifupi 15 ndipo panabuka kamkangano komwe ine sindinalowereko.

Pa sikirini zinkaoneka zokongola kwabasi. Anthu opitirira 21,000 anaiona positi ija, malaiki 1,100 ndi kena, makomenti pafupifupi 60. Bambo aja ananditulutsira foni akuti "achimwene taonani nokha anthuwa, onsewa akuti zabwino zabwino, nanga ogula ali kuti?" Ndinawerenga makomentiwo limodzi limodzi. Ena "ntchito yabwino bwana", ena "zingati", ena "muli mbali iti ku Blantyre kuno", wina wa ku Karonga akufunsa ngati amatumiza. Palibe bedi ngakhale limodzi lomwe linatuluka.

Apa ndi pomwe anthu ambiri amati Facebook ndi yakuba, koma ine ndimakana. Inawapatsa ndendende chomwe anapempha. Ukasankha cholinga, sikuti ukungolemba dzina la busti yako ayi, ukuiuza Facebook kuti mwa anthu onse omwe ndakupatsawa, undisakire omwe amakonda kupanga chinthu chakutichakuti. Ukati engagement imapita kukasaka anthu omwe chala chawo chimadina laiki pa chilichonse, ndipo oterowo ndi ambiri komanso otchipa, munthu wagona pa mphasa ku Ndirande akudina laiki pa chithunzi cha bedi, cha galimoto, cha mwana wa eni. Sakunama kuti bedilo ndi lokongola. Kungoti sakufuna bedi, ndipo olo atalifuna sangalitenge ku Kasungu.

Masamu omwe tinayamba nawo tisanakhudze foni

Ndisanadine kalikonse ndinawakhazika pa benchi ndi kope. Funso loyamba, bedi limodzi mumapindula zingati mukachotsa matabwa, misomali, guluu, vanishi ndi ya mnyamata wothandiza? Anawerengera pa chibanthu cha thabwa ndi pensulo ya kukhutu ija, bedi la dabulo la malaina lomwe ankagulitsa K170,000 linkawasiyira pafupifupi K40,000. Funso lachiwiri, mumakwanitsa angati pa sabata? Awiri, magetsi akakhala kuti sakuvuta. Funso lachitatu, mumakaperekera mpaka kuti? Akuti pa boma ponse pano ndi ngolo yokankha kapena kabaza wa katundu, kunja kwa boma wogula amadzipezera yekha galimoto, ndipo ambiri omwe anagulapo ndi a kufupi konkuno mpaka cha ku Mtunthama.

Mayankho atatu amenewa ndi omwe anasankha zonse zotsatira. Akaunti yotsatsira malonda pa Facebook siwerengera mu kwacha yathu, ife timalipira mu madola, ndiye nthawi imeneyo dola ku banki inali cha mu K1,750, madola 20 kuphatikiza timachaji ta khadi ankafika cha mu K37,000. Tanthauzo lake bedi limodzi lokha likagulidwa ndalama yabwerera, lachiwiri ndi phindu. Ndinawauza kuti tiyerekeze kuti mwa anthu 10 otilembera mmodzi ndi amene agule, ndiye kuti madola 20 akuyenera kutibweretsera anthu osachepera 10, apo ayi taluza. Munthu mmodzi akamatidyera madola 2 ndiye kuti tili pa malire penipeni, ndipo tinagwirizana kuti pofika tsiku la 4, madola 8 atapita, ngati olemba sanakwane 6 tiimitsa osadikira kuti mwina mawa.

Cholinga

Batani la Boost post ukalidina limakubweretsera zolinga zingapo, ndipo nthawi zambiri limakhala litakusankhira kale Automatic. Ine pa ndalama yochepa chonchi sindisiya pa Automatic, ndimafuna ndidziwe chomwe ndikugula. Get more website visitors sichinatikhudze poti webusaiti palibe. Zinatsala ziwiri, Get more calls ndi Get more messages.

Bamboo ankafuna ya kuimba, akuti munthu woimba ndiye wotsimikiza. Ali ndi mfundo, koma ndinawafunsa kuti makina opalira matabwa akamalira foni mumaimva? Anaseka. Komanso bedi munthu amafuna aone zithunzi zingapo, afunse saizi, akaonetse akunyumba, zonsezo zimayenda bwino pa WhatsApp. Ndiye tinasankha Get more messages n'kusiya WhatsApp yokha, Messenger tinachotsa chifukwa iwo sautsegula n'komwe, uthenga ukhoza kugona mmenemo mwezi. Kuti zitheke nambala yawo inayenera kulumikizidwa kaye ku peji, imabwera kodi pa foni n'kuilowetsa, ndipo tinawaikira WhatsApp Business nthawi yomweyo.

Kanthu kena kakang'ono komwe ambiri amakadumpha. Munthu akadina batani la WhatsApp pa malonda aja amapeza uthenga wolembedwa kale, wachingerezi, uja woti Hello! Can I get more info on this? ndipo iye amangotumiza. Vuto lake ndi loti ana osewera ndi foni ya amayi awo komanso odina mwangozi nawonso amangotumiza, Facebook n'kuwerenga kuti wapeza kasitomala. Ine ndinausintha kukhala "Ndikufuna bedi, ndili ku" n'kusiya pamenepo kuti munthu amalize yekha. Amene watumiza osamaliza umadziwiratu kuti mwina sanawerenge, amene walemba kuti ndili ku Chankhanga umadziwa kuti apa pali nkhani.

Positi yomwe tinabusta inalinso yatsopano. Ya mphwawo ija inali zithunzi 9 za katundu yense wa mu shopu, mawu ake "tipezeni kuti mupeze katundu wapamwamba", mtengo palibe, malo palibe. Ife tinatulutsa bedi limodzi panja m'mawa dzuwa lisanakwere, tinabwereka matiresi ndi nsalu kwa oyandikana nawo kuti lioneke ngati bedi osati mafupa a bedi, chithunzi chimodzi basi. Vidiyo ndinaikana chifukwa anthu athu bandulo amaisamala, akaona vidiyo amadutsa isanatseguke. Mawu ake mzere woyamba unali woti Kasungu boma, bedi la dabulo la malaina K170,000, kenako dipoziti theka, limatha masiku 4, nambala ya foni pansi. Nambalayo ndinailemba dala ngakhale batani lilipo, pali anthu omwe amagula bandulo ya Facebook yokha ya WhatsApp alibe, ameneyo akadina batani sizimupitira, koma nambala akhoza kuikopera n'kuflasha.

Za mtengo tinakanganapo pang'ono. Iwo amati mtengo usalembedwe, anzawo a mashopu ena aona n'kutsitsa awo, komanso munthu azibwera tidzakambirane. Ine ndinati pano meseji iliyonse tikuilipira, ndiye munthu yemwe ali ndi K60,000 m'thumba kuli bwino aone mtengo adutse mwaulere kusiyana n'kuti atidyere ndalama pongofunsa kuti zingati.

Anthu oti aione

Apa ndi pomwe ndinakhalitsa, ndipo ndinalakwitsapo kamodzi ndisanakonze. Mu Audience muli Advantage+ audience yomwe Facebook imaikonda kuti uisankhe. Mmene imagwirira ntchito, malo omwe waika imawalemekeza, koma zaka ndi zokonda za anthu imazitenga ngati maganizo chabe, ikaona kuti anthu ena m'dera lomwelo akuyankha bwino imapita kwa iwo. Kwa wa ndalama zambiri si zoipa. Ine ndinasankha People you choose through targeting kuti ndiike ndekha.

Malo ndinachotsa Malawi. Ukalemba dzina la tauni imakupatsa bwalo lozungulira lomwe ukhoza kulikulitsa mpaka makilomita 80, koma kulichepetsa kwambiri sikulola, pomwe ukabaya pini pa mapu bwalo limatha kuchepa mpaka kilomita imodzi. Ine ndinabaya pini pa boma penipeni n'kukoka bwalo mpaka makilomita 25, kuti Mtunthama ilowe poti kuli aphunzitsi ndi ogwira ntchito omwe amalandira pa mwezi, koma Nkhamenya ndi Santhe zikhale kunja. Si kuti kumeneko kulibe ndalama, nyengo ya fodya ilikodi, koma munthu wa ku Nkhamenya akaonjezera thiransipoti ya bedi amapeza kuti kalipentala wa kwawo ndi wotchipa, ndiye tikhala tikulipira kucheza naye basi.

Cholakwa changa chinali pa zokonda. Ndinazolowera kuti pa mabusti a ku Lilongwe ndimaikako Furniture ndi Interior design, ndiye ndinaikanso apa. Kuyang'ana pa chiwerengero chomwe amayerekeza kuti ndi anthu angati, chinagwa kwambiri kufika poti madola 20 akanangozungulira pa anthu omwewo ochepa. Ndinaganizanso kuti kodi mlimi wa ku Gogode yemwe wangolandira ndalama ya mabelo ake, Facebook ikumudziwa ngati wokonda Interior design? Iye amatsatira mapeji a mpira ndi a nkhani. Ndinachotsa zonse. Dera likakhala laling'ono ngati lathuli, malo okhawo ndi sefa yokwanira, ukaonjezera ina umasefa ndi ufa womwe.

Zaka ndinaika 25 mpaka 60, kuchotsa ana a sukulu omwe amalemba kwambiri koma sagula bedi. Pa amuna kapena akazi bamboo ankati amuna okha, ndi amene amagwira ya fodya. Ndinakana, ndinasiya onse, ndipo za ichi muona kutsogoloku.

Chinthu chimodzi choti mudziwe pa malo, kuyambira 2023 Facebook inachotsa mwayi wosankha okhala m'deralo okha, pano imaphatikiza okhala konko ndi omwe anali konko posachedwa. Kwa ife a pa M1 izi zimamveka, mabasi a Lilongwe ndi Mzuzu amadutsa pano tsiku lililonse ndipo anthu amatsegula foni basi ikaima. Ena mwa amenewo amaona malonda ako. Kuwatsekera kunja konse sikutheka, n'chifukwa chake mawu oti Kasungu boma ndinawaika koyambirira kwenikweni kwa positi.

Ndalama ndi mpanda wake

Madola 20 ukhoza kuwagawa 5 pa tsiku masiku 4, kapena 2 pa tsiku masiku 10, kapena 1 pa tsiku masiku 20. Ndinasankha ya pakatiyo. Masiku 4 ndi ochepa, Facebook imatenga masiku oyamba ikuyesayesa kuti ndani akuyankha, ndiye busti imatha isanakhazikike, komanso olemba onse akanabwera nthawi imodzi kwa munthu mmodzi yemwe manja ake ali mu utuchi. Dola imodzi pa tsiku nayo ndi yochepetsetsa pa mameseji, tsiku limatha ndi munthu mmodzi kapena opanda, sungadziwe msanga ngati zikuyenda. Masiku 10 tinawayika kuti adutse kumapeto kwa mwezi, kuyamba pa 24 Juni kutha pa 3 Julaye, kuti a malipiro a pa mwezi atipeze tikadalipo.

Musanadine Publish yang'anani pansi pomwe amaphatikiza ndalama yonse, Daily budget kuchulukitsa ndi masiku, pamenepo ndi pomwe mphwawo uja sanayang'ane. Onaninso kuti tsiku lothera lilipo, chifukwa pali njira ina yoti busti izingoyenda mpaka utaiimitsa wekha. Ndipo musadabwe mukaona tsiku lina yadya madola 3 pomwe munaika 2, Facebook imanena yokha kuti tsiku lomwe yaona mwayi imatha kupitirira, koma imabweza masiku ena kuti pa sabata isapitirire ka 7 ndalama ya pa tsiku ija.

Mpanda wachiwiri ndi womwe ndimaukonda kwambiri poti khadi linali langa. Mu Ads Manager, momwe umayendetsera malonda onse a akaunti yako, ku Billing & payments, muli Account spending limit. Iyi si ya busti imodzi, ndi ya akaunti yonse, ndalama ikafika pamenepo malonda onse amaima mpaka utaisintha kapena kuiyambitsanso. Ndinaika 20. Chifukwa chake n'choti mphwawo uja anali adakali ndi mphamvu pa peji, ndipo batani la Boost post limaoneka pansi pa positi iliyonse ngati likukuitana. Kungoti uzikumbukira kuti unaika mpandawo, ineyo chaka china ndinakhala theka la tsiku ndikufufuza chifukwa chomwe malonda a kasitomala sakuyendera, kumapeza kuti ndi malire omwe ndinaika ndekha mwezi wapitawo.

Za kalipiridwe mwachidule, ndalama sidulidwa yonse kamodzi, imadulidwa pang'onopang'ono ikafika pa mlingo wina, akaunti ikakhala yatsopano mlingowo umakhala waung'ono kwambiri ndiye umaona timameseji ta banki tambirimbiri. Khadi likakana kamodzi malonda amaima, ndiye ndi mavuto a ndalama zakunja omwe tili nawowa onetsetsani kuti khadi lanu likuloledwa kulipira mu madola musanalonjeze munthu. Ndipo a iPhone, kubusta kudzera mu apu ya Facebook kuli chaji ya Apple ya 30 peresenti pamwamba yomwe inayamba mu 2024, ine ndimabusta pa laputopu.

Mmene zinayendera

Ndinatumiza Lolemba m'mawa, inakhala pa In review maola angapo, masana inali Active. Tsiku loyamba anthu 2. Lachiwiri 3. Bamboo anandiimbira madzulo akuti "achimwene ija ya mphwanga pofika pano inali ndi malaiki 400, iyi ili ndi 11, mwaikadi ndalama?" Ndinawauza kuti malaiki asawayang'ane n'komwe, tikuwerenga Messaging conversations started, chiwerengero cha anthu otilembera, ndi ndalama yomwe aliyense watidyera. Pofika usiku wa tsiku la 4 panali anthu 15 pa madola 8 ndi timasenti, kuposa 6 tinagwirizana aja, ndiye tinaisiya iyende. Ndinaletsanso aliyense kuikhudza. Ukasintha anthu oti aione pakati pa ulendo imabwereranso ku In review ndipo kuyesayesa kuja kumayambiranso, pa madola 2 pa tsiku ulibe ndalama yolipirira sukulu kawiri.

Facebook siikuuza kuti mwa olembawo weniweni ndani, ndiye ndinawapatsa kope lija kuti aliyense wolemba azimulemba, tsiku, komwe ali, mwamuna kapena mkazi, ndi pomwe nkhani yathera. Madzulo alionse ankandijambulira tsambalo.

Ngozi inagwa tsiku la 6, Loweruka. Kumudzi kwawo kunagwa maliro, ananyamuka usiku, kumeneko netiweki ndi ya pa chulu ndipo foni inatha moto. Ine ndinamva Lamlungu madzulo. Busti inali ikuyendabe, anthu 8 analemba masiku awiri amenewo osayankhidwa, ndipo atabwerako Lolemba n'kuyamba kuyankha, 2 okha ndi omwe anabwezanso mawu, wina anangoti ndagula kale kwina. Apa mlandu ndi wanga, sindinawauze kuti zikachitika zotere andiflashe ndiimitse kaye, kuimitsa ndi kukankha kabatani kamodzi ndipo ndalama siyenda ikakhala yoima. Madola pafupifupi 4 mwa 20 anapita choncho, ndipo anali masiku a malipiro enieniwo.

Masiku atatu omaliza ndinaona zina. Frequency, yomwe imaonetsa kuti munthu mmodzi waiona kangati, inali itayandikira 3, ndipo olemba anayamba kuchepa, tsiku la 9 anali 2, tsiku la 10 mmodzi, pomwe ndalama ikudyedwa chimodzimodzi. Chimenecho ndi chizindikiro choti m'bwalo lathu la makilomita 25 omwe akufuna bedi mwezi uno aiona kale, otsalawo tikungowabwerezera. M'tauni yaikulu izi zimachedwa kufika, kuno zimafika msanga, ndipo ndi mtengo womwe umalipira posankha dera laling'ono.

Pomaliza sikirini inaonetsa madola 19.87, anthu pafupifupi 6,800 oiona, malaiki 74, olemba 41, aliyense pafupifupi masenti 48. Koma kope linanena zambiri kuposa sikirini. Mwa 41 aja, 14 anangotumiza uthenga woyamba osayankhanso, kuphatikizapo 6 a nthawi ya maliro aja. Ena 9 anali akutali, Lilongwe, Mzuzu, Dowa, odutsa pa msewu aja. Otsala 18 ndi omwe anakambirana zenizeni, 7 anafika pa shopu, 4 anapereka dipoziti, atatu mabedi, mmodzi anabwerera bedi koma ataona kabati ya ziwiya anasintha maganizo. Panalinso mayi wina wa ku Chitete yemwe sanalembe pa WhatsApp, anangoimba pa nambala ija ya mu positi, anagula bedi pa 10 Julaye busti itatha kale, Facebook siimuwerenga ameneyo koma ife tinamuwerenga. Ndiye ogula 5, phindu cha mu K190,000 pa K37,000 yomwe tinaika.

Za amuna okha zija, mwa 18 okambirana zenizeni 11 anali azimayi, ndipo mwa ogula 5 atatu anali azimayi. Mmodzi anabwera ndi amuna awo, bambo kulipira, mayi kugwedeza bedi kuti aone ngati likulira ndi kuloza kuti vanishi ikhale yakuda pang'ono. Bambo akalipentala anangondiyang'ana osanena kanthu.

Sindikufuna wina atenge masenti 48 amenewa ngati mtengo wa boma. Iyi ndi busti imodzi, ya katundu mmodzi, nyengo yomwe Kasungu amakhala ndi ndalama. Bedi lomwelo mu Januwale anthu akusaka feteleza ndi chimanga, ndikukayika ngati tikanafika theka. Komanso masamu awa amagwira chifukwa phindu la bedi ndi lalikulu. Mayi wina wogulitsa zitenje anamva nkhaniyi n'kubwera, titawerengera tinapeza kuti chitenje chimamusiyira K1,500, ndiye kuti angobweza K37,000 akuyenera kugulitsa 25, ndinamuuza kuti asabuste chitenje chimodzichimodzi, adikire akhale ndi za yunifomu ya ukwati kapena ya kwaya zomwe munthu mmodzi amatenga 20. Wina anafuna kubusta fodya wake wopota, amenewo Facebook salola malonda a fodya, imakana basi.

Sabata yotsatira bamboo anabwera okha ku nyumba ndi K80,000 m'thumba la ovolosi, akuti achimwene ulendo uno tiike madola 40, tikulitsenso mpaka Nkhamenya. Ndinawafunsa kuti maoda omwe muli nawo atha liti, anawerenga pa zala, mabedi atatu, kabati, ndi la mayi wa ku Chitete, kuphatikiza ntchito zakale, akuti masabata atatu magetsi akalola. Ndinawauza kuti ndalamayo akagulire matabwa, chifukwa munthu wopereka dipoziti lero n'kumuuza kuti adikire mwezi amakalemba komenti pa peji yomweyo, ndipo komentiyo tidzakhala tikuilipirira kuti anthu aione. Tinapangana kuti tidzayambenso pa 24 Julaye, madola 2 omwewo koma masiku 7 okha, chithunzi cha kabati m'malo mwa bedi poti bedilo aliona katatu, bwalo lomwelo, ndipo nambala yanga anailemba ndi makala pa khoma la shopu kuti mnyamata wawo azindiflasha iwo akachokapo.